Mizere isanu ya m'manotsi, ndi h amene amasowa pakati

Kope langa lakale la kalikulasi ndidakali nalo, ndipo muli tsamba limodzi limene ndimalitsegula kawirikawiri. Pamenepo pali chitsanzo chimene aphunzitsi athu analemba pabolodi m'masabata oyambirira: kupeza derivetivu ya sikweya luti pa nambala 4, kutanthauza liwiro limene galafu yake ikukwerera pamenepo, kuchokera pa tanthauzo lenileni la derivetivu, osagwiritsa ntchito lamulo lachidule. Ndinakopera bwinobwino, osaphonya chizindikiro ngakhale chimodzi. Koma patapita zaka, mng'ono wanga atafika pa phunziro lomweli n'kundibweretsera kope lake, anandifunsa funso limene linandiimitsa. Anati, “Achimwene, mzere uliwonse ndikutha kuuwerenga. Chimene sindikuona ndi chimene chikutiloleza kuchoka pa mzere uwu kupita pa winawu.” Ndinazindikira kuti manotsi amasunga mizere yokha, pamene zifukwa zake aphunzitsi anazinena pakamwa, dzanja lathu lili kalikiliki kulemba.

Chitsanzocho ndi ichi, monga chilili m'kopemo:

```
f(x) = √x ,   f′(4) = ?

(1)  f′(4) = lim(h→0) [√(4+h) − 2] / h
(2)        = lim(h→0) [√(4+h) − 2][√(4+h) + 2] / ( h[√(4+h) + 2] )
(3)        = lim(h→0) h / ( h[√(4+h) + 2] )
(4)        = lim(h→0) 1 / [√(4+h) + 2]
(5)        = 1/4
```

Mizere isanu basi. Ndikufuna tiyende nayo pang'onopang'ono, ndipo pa chizindikiro chilichonse cha = tiziima n'kufunsa kuti chilolezo chachokera kuti.

Mzere woyamba sitinaupeze powerengera. Ndi tanthauzo la derivetivu, loikidwamo fankishoni yathu ya √x. Komabe tanthauzolo lili ndi nzeru yake, ndipo munthu akaiphonya, zotsatira zonse zimakhala kusuntha zizindikiro chabe. Galafu ya √x ndi mzere wokhota umene umayambira pa ziro, n'kukwera mwamphamvu poyamba, kenako n'kumagona pang'onopang'ono. Pamene x ali 4, msinkhu wa galafuyi ndi 2, chifukwa 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4. Funso lathu ndi lakuti: pa kadontho kameneka, galafuyi ikukwera mofulumira bwanji? Vuto ndi lakuti kupendekeka kwa mzere timakuyeza ndi timadontho tiwiri. Timaona kuti takwera motani, n'kugawa ndi mtunda umene tayenda chopingasa. Ndi kadontho kamodzi palibe kukwera, palibenso kuyenda. Choncho timabwereka kadontho kachiwiri. Timasuntha pang'ono kuchoka pa 4 kufika pa 4+h, ndipo msinkhu watsopano ndi √(4+h). Kukwera kwake ndi msinkhu watsopano kuchotsera wakale, ndiye √(4+h) − 2 amene ali pamwamba uja. Mtunda wopingasa ndi h, ndiye amene ali pansi. Fulakishoni yonseyo ndi kupendekeka kwa mzere wowongoka wolumikiza timadontho tiwirito.

Ine ndimakonda kuikamo manambala ndisanachite aljebura iliyonse, chifukwa amandiuza kumene ndikulowera. Tikatenga h kukhala 1, tikufika pa √5, amene ndi pafupifupi 2.236068, ndipo fulakishoni ikupereka 0.2361. Tikachepetsa h kukhala 0.1, √4.1 ndi pafupifupi 2.024846, kukwera ndi 0.024846, ndipo tikagawa ndi 0.1 tikupeza 0.2485. Pa h wa 0.01 tikupeza 0.24984. Tsono h akhozanso kukhala wochepera ziro, kutanthauza kuti kadontho kachiwiri kali kumanzere. Pa −0.1 yankho ndi 0.2516, pa −0.01 ndi 0.25016. Kuchokera kumanja manambala akukwera kulunjika pa 0.25, kuchokera kumanzere akutsika kulunjika pomwepo. Chizindikiro cha lim(h→0), chimene timachitcha limiti, chikufunsa zimenezi: kodi pali nambala imodzi imene fulakishoniyi ikuyandikira h akamayandikira ziro kuchokera mbali zonse ziwiri?

Manambalawa akutinong'oneza 0.25, koma si umboni. Tayesa ma h asanu okha mwa osawerengeka, ndipo palibe chimene chikutitsimikizira kuti malo amene akulunjikawo ndi 0.25 ndendende, osati 0.2500001. Ndiponso njira yoyesayesayi ili ndi pothera pake. Mukatenga kakyuleta imene imasunga madijiti 10 okha n'kuika h wa 0.0000000001, nambala 4.0000000001 siikwanamo, imaidula kukhala 4. Sikweya luti yake ndi 2, pamwamba pamatsala ziro, ndipo makinawo amakupatsani 0. Ukaona mayankho amene amayandikira bwinobwino nambala ina ayamba mwadzidzidzi kudumphadumpha kapena kugwera pa ziro, dziwa kuti si masamu amene asintha, ndi madijiti amene atha. Kuchotsera manambala awiri oyandikana kwambiri kumadya madijiti onse ofanana n'kusiya zinyenyeswa zokha.

Nanga bwanji osangoika h = 0 mu mzere woyamba n'kuthana nazo? Yesani. Pamwamba pakhala √4 − 2, amene ndi ziro. Pansi ziro. Ziro kugawa ndi ziro alibe yankho, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Tikati 12 kugawa ndi 3 ndi 4, tikutanthauza kuti 4 ndiye nambala yokhayo imene ukaichulukitsa ndi 3 imapereka 12. Tikafunsa nambala imene ukaichulukitsa ndi ziro imapereka ziro, iliyonse ikuyankha: 7 akuyenera, 0.25 akuyenera, 1000 akuyeneranso. Choncho 0/0 sakutiuza kuti limiti palibe, ndipo sakutiuza kuti ndi ziro kapena 1. Akungotiuza kuti mmene fulakishoniyi yalembedwera panopa, yankho labisika, ndipo tiyenera kuilemba mwanjira ina. Mizere (2), (3) ndi (4) ntchito yake ndi imeneyo yokha.

Mzere wachiwiri ndi umene mng'ono wanga anauloza ndi chala. “Chinthu ichi chachokera kuti? Ndani wanena kuti tichulukitse ndi chimenechi?” Apa pali mafunso awiri osiyana, ndipo ndi bwino kuwalekanitsa. Loyamba, kodi n'zololedwa? Lachiwiri, munthu angaganize bwanji zoterezi?

Loyambalo ndi lalifupi. Tachulukitsa pamwamba ndi pansi pomwe ndi chinthu chimodzimodzi, √(4+h) + 2. Chinthu chikagawidwa ndi icho chomwe yankho ndi 1, ndipo kuchulukitsa ndi 1 sikusintha nambala. Pali chenjezo limodzi: chinthucho chisakhale ziro, apo ayi tachulukitsa ndi 0/0 uja. Kodi √(4+h) + 2 angakhale ziro? Ayi. Chizindikiro cha √ chimatanthauza luti imene si yochepera ziro, choncho ukaphatikizapo 2, zotsatira zake sizingatsike pansi pa 2. Pamafunikanso kuti 4+h asachepere ziro kuti sikweya luti ikhalepo, koma poti h akuyandikira ziro, tikhoza kungoyang'ana ma h a pakati pa −4 ndi 4 n'kusiya ena onse.

Lachiwirilo ndi limene limasangalatsa. Chimene chikutitchinga ndi chakuti h wapamwamba watsekeredwa mkati mwa sikweya luti, pamene h wapansi ali poyera. Sangakumane. Ambiri amafuna kumutulutsa mwachangu polemba kuti √(4+h) ndi 2 + √h, ndipo kumeneko ndi kulakwitsa kumene ndakuona kambirimbiri. Kuti muone kuti n'kolakwika, tengani 9 ndi 16. Kuwaphatikiza kaye n'kutenga luti kumapereka √25, amene ndi 5. Kutenga luti ya iliyonse payokha n'kuphatikiza kumapereka 3 ndi 4, pamodzi 7. Sikweya luti siigawika pa kuphatikiza. Chimene chimaimasula ndi kuichulukitsa ndi iyo yomwe, chifukwa √(4+h) kuchulukitsa ndi √(4+h) ndi 4+h, wopanda denga. Koma pamwamba pathu pali zinthu ziwiri, luti ndi 2, ndiye tikufuna chochulukitsira chimene chichotse lutiyo osasiya ina m'mbali. Apa ndi pamene lamulo lakale la aljebura limatithandiza:

```
(a − b)(a + b) = a² − b²
```

Mukamasula mabulaketi mumapeza zidutswa zinayi, ndipo ziwiri zapakati, ab wophatikiza ndi ab wochotsera, zimafafanizana. Zidutswa zapakatizo ndi zimene zikanasunga luti. Mukanachulukitsa ndi √(4+h) − 2, wa chizindikiro chomwecho, zapakatizo zikanaphatikizana n'kukusiyirani −4√(4+h), ndipo mukanakhala pomwe munali. N'chifukwa chake timatembenuza chizindikiro. Mnzake wotembenuzidwa chizindikiroyu amatchedwa konjugeti, ndipo ukaona sikweya luti ikuchotseredwa kanthu mu limiti ya 0/0, ndi chida choyamba kuchiganizira.

Kwa nthawi yaitali ndinkaona konjugetiyi ngati kachenjerero kongoloweza pamtima. Maganizo amenewo anasintha tsiku limene ndinajambula sikweya papepala. Tengani sikweya imene mbali iliyonse ndi 2. Eliya yake, kutanthauza kukula kwa malo a mkati mwake, ndi 4. Sikweya luti ndi imeneyo: ukaipatsa eliya, imakubwezera kutalika kwa mbali. Tsono tiikulitse sikweyayo kuti eliya iwonjezeke ndi h, ndipo tinene kuti mbali yatalika ndi d. Malo owonjezekawo ali ndi zidutswa zitatu. Pali kachigamba kowonda kumanja, kotalika 2, mulifupi d. Pali kena kofanana nako pamwamba. Ndipo pali kasikweya kakang'ono pangodya, d kuchulukitsa ndi d. Tikaziphatikiza:

```
h = 2d + 2d + d² = d(4 + d)
d/h = 1/(4 + d)
```

Taonani tsono. d ndi mbali yatsopano kuchotsera yakale, ndiye √(4+h) − 2 wa pamwamba pa mzere woyamba uja. Ndipo 4 + d ndi mbali yatsopano, 2 + d, kuphatikiza yakale, 2. Imeneyo ndi konjugeti ija. Sinagwe kuchokera kumwamba, ndi kutalika kwa tizigamba titatu tija mukatilumikiza mondondozana kukhala kachingwe kamodzi ka mulifupi d. Yesani ndi mbali ya 2.1. Eliya ndi 4.41, choncho h ndi 0.41, d ndi 0.1. Kachingweko n'kotalika 4.1, ndipo 4.1 kuchulukitsa ndi 0.1 ndi 0.41 ndithu. Chithunzi chimenechi chikanakhala m'manotsi anga, ndikukhulupirira kuti mzere wachiwiri sukanandivuta.

Kuchoka pa (2) kupita pa (3) ndi kuwerengera chabe. Pamwamba a ndi √(4+h), b ndi 2, choncho tikupeza (4+h) − 4, ndipo chotsala ndi h. Chokhacho choti ndinenepo ndi chakuti pansi sitimasula mabulaketi. Dzanja limafuna kutero, poti tinazolowera kumaliza kuchulukitsa kulikonse kumene tayamba. Koma mukalemba h√(4+h) + 2h, mwamumwaza h amene mukumufuna ali yekha panja, ndipo mudzafunika kumusonkhanitsanso. Si kulakwa, koma ndi kudzitalikitsira njira, ndipo ndi pomwe ena amafafaniza h wa chidutswa chimodzi n'kuiwala wa chinzake.

Tafika tsono pa mtima wa nkhani yonse, kuchoka pa (3) kupita pa (4). Pabolodi zinatenga kamphindi: aphunzitsi anadula h wapamwamba ndi h wapansi ndi choko, n'kupitirira. Koma kudula h ndi kugawa pamwamba ndi pansi ndi h, ndipo kugawa ndi h n'kololedwa pokhapokha h asali ziro. Ndiye pa mzere wotsatira, (5), tikuoneka ngati tikuika h = 0. Mng'ono wanga anaziona yekha. “Ndiye h-yu ndi ziro kapena si ziro? Pamwambapa mwati si ziro kuti mumudule, pansipa mwamusandutsa ziro kuti mupeze yankho.”

Ndinamuuza kuti funso lakelo ndi lakale ndipo ndi lolemekezeka. Isaac Newton ndi Gottfried Leibniz anakonza kalikulasi m'zaka za m'ma 1600, ndipo njira zawo zinkapereka mayankho olondola. Koma mu 1734, George Berkeley, amene anali bishopu komanso katswiri wa nzeru zakuya, analemba zotsutsa pa mfundo yomweyi: simungayambe mwa kunena kuti kachidutswa kowonjezera kalipo, n'kugawa nako, kenako n'kunena kuti kulibe koma n'kusunga zimene mwapeza pogawapo. Iye sankanena kuti mayankho ndi olakwika. Ankanena kuti kafotokozedwe kake kakudzitsutsa, ndipo pamenepo anali ndi mfundo. Yankho lokhutiritsa linabwera m'zaka za m'ma 1800, pamene Augustin-Louis Cauchy mu 1821 anamanga kalikulasi pa limiti, ndipo pambuyo pake Karl Weierstrass analimbitsa tanthauzo la limiti kukhala mmene timaliphunzirira lero.

Yankholo ndi ili. Mkati mwa limiti, h sakhala ziro nthawi ina iliyonse. Chizindikiro cha lim(h→0) chimafunsa zimene zikuchitika pa ma h oyandikana ndi ziro, ndipo mwadala sichiyang'ana zimene zikuchitika pa ziro penipenipo. Tsono yerekezani fulakishoni ya mu (3) ndi ya mu (4). Ikani h aliyense amene si ziro, ziwirizi zikupereka nambala imodzimodzi. Pa 0.1 zonse zikupereka 0.2485, pa −0.01 zonse zikupereka 0.25016. Zimasiyana pamalo amodzi okha: pa ziro, ya mu (3) ilibe yankho, pamene ya mu (4) ili nalo. Mukajambula magalafu awo, ndi mzere umodzi womwewo, kungoti woyambawo uli ndi kabowo ka kadontho kamodzi. Poti limiti siiyang'ana pakabowopo, malimiti awiriwo ndi ofanana. Chimenechi ndiye chilolezo cha = wa pa mzere (4). Sakunena kuti mafulakishoni awiriwa ndi ofanana paliponse, akunena kuti malimiti awo ndi ofanana.

Ichi n'chifukwa chake lim ayenera kulembedwa pa mzere uliwonse kuyambira (1) mpaka (4). Ophunzira ambiri amamusiya atatopa kulemba, n'kumuona ngati chokongoletsera. Koma mukamuchotsa pa (4), mwalemba kuti f′(4), imene ndi nambala imodzi yosasintha, ndi yofanana ndi chinthu chimene chimasintha h akasintha. Zimenezo si zoona. Pa h wa 0.1 chinthucho ndi 0.2485, si 0.25. Woonetsetsa mayeso akakuchotserani malikisi pamenepa sakukuvutitsani dala, wawerenga chiganizo chabodza.

Nanga mzere wachisanu? Ngati h sakhala ziro, tikupeza bwanji 1/4? Apa sitikunena kuti h wasanduka ziro. Tikufunsa kuti 1/[√(4+h) + 2] akuyandikira chiyani. Ndipo pali mafankishoni ena amene galafu yawo siiduka, siidumpha, ilibe kabowo pamalo amene tikuyang'anapo. Kwa oterowo, nambala imene akuyandikira ndi yomweyo imene amapereka ukaikamo mwachindunji. Kuika h = 0 ndi njira yachidule yowerengera limiti, yololedwa chifukwa fankishoni ya mu (4) ndi yosaduka pamenepo. Mu mzere (1) njirayi inali yotsekeka, poti panali kabowo. Ntchito yonse ya aljebura ija inali kupeza fankishoni ina yosaduka yogwirizana ndi yoyambayo paliponse kupatula pakabowo, kuti itiuze nambala yokwanira kutseka kabowoko. Pansi pakuyandikira 2 + 2, amene ndi 4. Poti 4 si ziro, tikuloledwa kutenga limiti ya pamwamba n'kugawa ndi limiti ya pansi, ndipo yankho ndi 1/4.

Manotsi anga anangoganizira kuti aliyense akuvomereza kuti √(4+h) amayandikira 2. Ndi zoona, koma sindinafune kumusiya mng'ono wanga ndi mawu akuti n'zoonekeratu, makamaka poti umboni wake uli kale m'manja mwathu. Konjugeti ija yationetsa kuti √(4+h) − 2 ndi wofanana ndi h kugawa ndi √(4+h) + 2. Tanena kale kuti chapansicho sichitsika pansi pa 2. Choncho:

```
|√(4+h) − 2| ≤ |h| / 2
```

Timizere tiwiri toimirirato tikutanthauza kukula kwa nambala osasamala chizindikiro chake. Mzerewu ukunena kuti mtunda wa pakati pa √(4+h) ndi 2 sungapose theka la h. Mukufuna luti ikhale pafupi ndi 2 mosapitirira 0.001? Tengani h wosapitirira 0.002. Mukufuna pafupi koposa? Chepetsani h. Palibe malire amene mungaike oti sitingawakwanitse. Mawu akuti kuyandikira amatanthauza zimenezi mu kalikulasi ya masiku ano: pa mtunda uliwonse umene mungatchule, ngakhale waung'ono bwanji, pali h wochepa mokwanira woti pa iye ndi pa h aliyense woyandikira ziro kumuposa, yankho likhale mkati mwa mtunda umenewo. M'chiganizo chimenechi mulibe kanambala kachinsinsi kamene kali ziro koma si ziro. Muli manambala wamba okhaokha, ndi lonjezo limene tingathe kulikwaniritsa nthawi iliyonse.

Tingachite chimodzimodzi ndi yankho lomaliza. Mukachotsera 1/4 pa fulakishoni ya mu (4) n'kuziika pamodzi, pamwamba pamabwera 2 − √(4+h), pansi 4 kuchulukitsa ndi konjugeti. Pamwamba sipaposa theka la h, pansi sipachepera 8, ndiye kusiyanako sikungapose h kugawa ndi 16. Pa h wa 0.1 lonjezo ndi lakuti tili mkati mwa 0.00625 kuchoka pa 0.25. Tinapeza 0.2485, kusiyana kwa 0.0015 chabe, mkati mwenimweni mwa lonjezo. Apa ndi pamene 0.2500001 uja akugwa. Kusiyana kwa fulakishoni yathu ndi 1/4 tingakuchepetse kuposa nambala iliyonse, ndipo palibe nambala ina imene ingapikisane naye.

Tsono 1/4 ameneyu akutiuza chiyani? Akuti pafupi ndi 4, x akawonjezeka pang'ono, sikweya luti imawonjezeka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kuwonjezekako. M'chithunzi cha sikweya chija n'zomveka: eliya yatsopano iyenera kuyalidwa m'mbali ziwiri, iliyonse yotalika 2, ndiye ikuyalidwa pa utali wa 4 ndipo makulidwe ake ndi h kugawa ndi 4. Kasikweya ka pangodya n'kamene tikunyalanyaza. Mzere wowongoka umene umakhudza galafu pa kadontho kathu, umene timautcha tanjenti, ndi uwu:

```
y = 2 + (x − 4)/4
```

Ndi umenewu mungayerekeze √4.1 popanda makina. Mwawonjezera 0.1, gawani ndi 4 mupeze 0.025, ndiye yankho ndi pafupifupi 2.025. Lenileni ndi 2.024846. Mukachulukitsa 2.025 ndi iye yemwe mupeza 4.100625, ndipo 0.000625 wapitirirayo ndi 0.025 kuchulukitsa ndi 0.025, kasikweya ka pangodya kaja ndendende. Ichi chikutiuzanso chifukwa chimene kuyerekezaku kumapitirira pang'ono nthawi zonse, ndiponso chifukwa chimene kumaipa mukapita kutali. Yesani √9 ndi mzere womwewu. Mwawonjezera 5, gawo lake lachinayi ndi 1.25, ndiye mukupeza 3.25 m'malo mwa 3. Kangodya kaja sikalinso kakang'ono.

Palibe chapadera ndi nambala 4 kupatula kuti luti yake ndi yosavuta. Ikani x aliyense woposa ziro m'malo mwake, ndi √x m'malo mwa 2, mizere isanu ija iyenda chimodzimodzi mpaka pansi padzakhale √x + √x:

```
f′(x) = 1 / (2√x) ,   x > 0
```

Pa 4 likupereka 1/4 monga tapezera. Pa 9 likupereka 1/6, pa 100 likupereka 1/20, zogwirizana ndi galafu imene imanka igona. Amene anaphunzira kale lamulo lachidule la mapawa adziwa kuti √x ndi x wa pawa 1/2, ndipo kutsitsa pawayo kutsogolo n'kuchotserapo 1 kumapereka zomwezi. Ndi njira yabwino yotsimikizira yankho, koma funso likanena kuti muchokere pa tanthauzo, siingalowe m'malo mwa mizere ija.

Kachidutswa kakuti x > 0 kanalembedwa m'mphepete mwa tsamba langa ndi zilembo zing'onozing'ono, ndipo ndinkakaona ngati kosafunika. Mng'ono wanga ndiye anafunsa kuti, “Nanga pa ziro? √0 alipo, ndi ziro. Bwanji akumupatula?” Tinabwerera pa mzere woyamba n'kuika 0 m'malo mwa 4. Pamwamba panakhala √h − 0, pansi h, ndipo poti h ndi √h kuchulukitsa ndi √h, fulakishoni inasanduka 1/√h. Chinthu choyamba, h wochepera ziro sangaloledwe, poti luti yake kulibe, ndiye tikubwera kuchokera kumanja kokha. Chachiwiri n'chachikulu. Pa h wa 0.01 yankho ndi 10. Pa 0.0001 ndi 100. Pa 0.000001 ndi 1000. Manambala sakulunjika paliponse, akungokwera osaima. Limiti palibe, choncho derivetivu palibe pa ziro ngakhale fankishoni ilipo. Pagalafu, tanjenti ya pamenepo yaimirira chilili, ndipo mzere woimirira ulibe nambala ya kupendekeka, poti umakwera osayenda chopingasa.

Tinafufuzanso kuti umboni uja ukuthyokera pa mzere uti. Kwa h woposa ziro, (2), (3) ndi (4) ikuyendabe bwino, chifukwa konjugeti ndi √h ndipo si ziro. Pothyokera ndi pa (5). Kumeneko tinaloledwa kugawa malimiti chifukwa pansi pankayandikira 4. Tsopano pansi pakuyandikira ziro pamene pamwamba pakhalabe 1, ndipo chilolezo chija chatha. M'chithunzi cha sikweya, mbali yakale ndi ziro, ndiye tizigamba tiwiri towonda tija kulibe. Eliya yonse yatsopano ikulowa mu kasikweya ka pangodya, kamene pa 4 tinkakanyalanyaza. Eliya ya 0.0001 ikufuna mbali ya 0.01, yoiposa ka 100. Mng'ono wanga anatenga pensulo, n'kujambula kasikweyako m'mphepete mwa kope lake pafupi ndi x > 0, ndipo pansi pake analemba manambala atatu aja: 10, 100, 1000.